Utsi pa Nyanja ya Geneva, ndi Nsambo Ziwiri za Gitala

Tiyambire ku Montreux, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Geneva m'dziko la Switzerland. Pa 4 Disembala 1971, Frank Zappa ndi gulu lake akuimba m'nyumba ya zisangalalo ya Montreux Casino, munthu wina mwa oonerera anaombera kudenga mfuti yotulutsa lawi, nyumba yonse n'kuyaka. Anyamata a gulu la Deep Purple la ku Mangalande anali atabwera kuti adzajambulire chimbale m'nyumba yomweyo. Anangoima n'kumaonerera utsi ukuyalana pamwamba pa madzi. Kuchokera pa zimene anaonazo kunabadwa nyimbo ya Smoke on the Water, yomwe inatuluka mu 1972 pa chimbale cha Machine Head.

Chimene chaichititsa kukhalitsa ndi kachigawo koyambirira kamene Ritchie Blackmore amaliza pa gitala, kobwerezabwereza, komwe oimba amakatcha rifi. Lero tikaphunzire ndi khutu, ndipo pepala tiligwire pambuyo.

Gitala iyambe yakhala pambali. Mverani masekondi khumi oyambirira, pamene gitala ikulira yokha ng'oma zisanalowe, kenaka ng'ung'udzani pakamwa. Bwerezani mpaka muzitha kuimba nyimbo itazimitsidwa. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa chala sichingapeze liwu limene pakamwa palephera. Mukamang'ung'udza mudzaona kuti rifiyi ili ndi mawu khumi ndi awiri, ogawika panayi: atatu okwera, anayi okwera mopitirira pang'ono n'kubwerera, atatu oyamba aja kachiwiri, ndiye awiri otsikira pomwe munayambira. Amene munakulira m'kwaya mungaiimbe chonchi: la, do, re, kenaka la, do, liwu la pakati pa re ndi mi, n'kutsikira pa re, la, do, re, pomaliza do, la.

Tsopano tengani gitala, muichune bwino. Nsambo timaziwerenga kuchokera ku yopyapyala, ndipo yonenepa kwambiri ndi yachisanu ndi chimodzi. Imbani liwu loyamba lija, muligwire pakamwa osalitaya, uku mukuliza nsambo imodziimodzi osadina kanthu. Mukafika pa yachitatu, yotchedwa G, mawu anu ndi a nsamboyo adzagonana n'kukhala chinthu chimodzi. Apo ndiye pakhomo pa nyimboyi. Liwu lachiwiri lisakeni pa nsambo yomweyo, mukukwera fuleti imodziimodzi, kutanthauza timipata ta pakati pa tizitsulo topingasa pa khosi la gitala. Fuleti yoyamba ndi yachiwiri zidzamveka zoperewera, yachitatu idzakhala ndendende. Liwu lachitatu lili pa fuleti yachisanu. Lija lachilendo, lomveka ngati likuluma, lili pa yachisanu ndi chimodzi, ndipo silikhalitsa, limangokhudza n'kutsetsereka kubwerera pa yachisanu. Choncho manambala ake ndi 0, 3, 5. Kenaka 0, 3, 6, 5. Kenaka 0, 3, 5. Pomaliza 3, 0.

Ineyo ndinayamba molakwika. Mnzanga wina anandionetsa manambala omwewa pa nsambo yonenepa ija, ndipo ndinaliza choncho miyezi ingapo ndili wokondwa. Tsiku limene ndinayesa kulizira limodzi ndi kaseti, zinawombana moti ndinaganiza kuti gitala yamasuka. Gitala inalibe vuto. Nsambo yonenepayo ndi E, pamene nyimbo ili mu G, ndiye ndinali pansi ndi mafuleti atatu. Mtunda wa pakati pa mawu unali wolondola, n'chifukwa chake pandekha zinkamveka bwino, koma poyambira panali polakwika. Cholakwa chotere chimaoneka pokhapokha ulizire pamodzi ndi eni nyimbo.

Mukaliza pa nsambo imodzi mudzamvabe kuti zanu n'zowonda poyerekeza ndi za Blackmore. Iye amaliza nsambo ziwiri nthawi imodzi, yachinayi ndi yachitatu, D ndi G, pa fuleti yofanana. Chala chimodzi chogoneka chimadina zonse ziwiri. Ndipo sazikwapula ndi kapulasitiki kolizira, amazitsina ndi zala, kuti zonse zilire kamodzi n'kudukanso msanga. Mverani kachetechete kamene kali pakati pa liwu loyamba ndi lachiwiri. Mukasiya nsambo zikulirabe mpaka liwu lotsatira, rifi imafewa n'kutaya ukali wake.

Chovuta chenicheni ndi nthawi. Gundani phazi pansi mukuwerenga 1, 2, 3, 4, liwiro lake kugunda pafupifupi 112 pa mphindi. Mawu atatu oyamba amagwera pa 1, pa 2 ndi pa 3, phazi likamafika pansi. Koma liwu lachinayi siliyembekeza 1 wotsatira. Limalowa phazi lili m'mwamba pambuyo pa 4, ndipo awiri otsatirawo nawonso amalowa phazi lili m'mwamba, mpaka fuleti yachisanu ija itagwera pa 3. Ophunzira ambiri amawongola pamenepa, n'kuika liwu lililonse pa kugunda, ndipo nyimbo imasanduka ya asilikali oguba. Ngati foni yanu imalola kuchepetsa liwiro la nyimbo, ikani pa 0.75, mumvetsere phazi ndi gitala zikusemphana.

Woimba Ian Gillan akangoyamba mawu, rifi imapuma, ndipo apa m'pamene pepala la makodi limathandiza. Kodi ya gitala ndi mawu angapo olira pamodzi. Pepalalo limagawidwa ndi mizere yoimirira, ndipo mpata uliwonse pakati pa mizere iwiri ndi kugunda kunayi. Mzere wa vesi umalembedwa motere:

```
| Gm | Gm | Gm F | Gm |
```

Chilembo chikakhala chokha mumpata, chimatenga kugunda konse kunayi. Zikakhala ziwiri, monga mumpata wachitatu, zimagawana, kuwiri kwa Gm, kuwiri kwa F. Ka m kakang'onoko kakutanthauza kodi ya maina, yomveka mwachisoni, ndipo chilembo chopanda kanthu ndi meja, yomveka mowala. Pa kolasi mudzapeza C kenaka Ab musanabwerere pa Gm. Ka b kameneko kakuti tsikani fuleti imodzi kuchokera pa A.

Pamwamba pa pepala pamakhala timabokosi toonetsa poika zala. Tangoganizani gitala yaimikidwa kukhoma, nsambo zikuyang'ana inu. Mizere isanu ndi umodzi yoimirira ndi nsambo, yonenepa ili kumanzere. Yopingasa ndi mafuleti. Kadontho kakuda ndi podina, ndipo nambala yake ndi chala: 1 chamkombaphala, 2 chapakati, mpaka 4 chaching'ono. Pamwamba pa nsambo pakalembedwa O, ilizeni osadina, pakalembedwa X, isalire. Cholakwa chofala ndi kuwerenga bokosilo chotembenuza, yonenepa kuiyesa ya kumanja.

Gm yathunthu imafuna chala chimodzi chidine nsambo zonse pa fuleti yachitatu, ndipo kwa woyamba kumene imapweteka. Yambani ndi zala ziwiri: chamkombaphala pa fuleti 3 ya nsambo yonenepa, chachitatu pa fuleti 5 ya nsambo yotsatira, zinazo zikhale chete. Papepala izi zimalembedwa G5. Tsitsani dzanja lomwelo mafuleti awiri, mwapeza F5. Likwezeni kufika pa 4 ndi 6, mwapeza Ab5. Lisamutseni nsambo imodzi kunsi, pa 3 ndi 5, mwapeza C5. Nsambo ikamachita phokoso ngati ntchentche, sendezani chala kufupi ndi kachitsulo ka kutsogolo, kenaka bwezani nyimbo poyambira, muwerenge mpaka 4, mulowe limodzi ndi Blackmore.