Intaneti ya kuchipatala inafika bwanji kusukulu ya m'chigwa

Pasukulu ina ya sekondale yoyendera, yomwe ili m'chigwa pakati pa mapiri, foni imagwira netiweki pokhapokha munthu akakwera pachulu kuseri kwa bwalo la mpira. Koma makilomita atatu kuchokera pamenepo, pamtunda, pali chipatala chaching'ono chomwe chimayang'anizana ndi nsanja ya mafoni, ndipo rauta yake imakoka 4G bwinobwino. Akuluakulu a mbali ziwirizi anagwirizana kuti azisonkherana ndalama ya bandulo, intanetiyo azigawana. Ntchito yoitsitsira kuchigwako inagwera mnyamata amene amasamala makompyuta a pasukulupo.

Pongoimva, njira yake ndi yosavuta. Pamafunika tiwailesi tiwiri tokhala ngati timbale, kena kuchipatala, kena kusukulu, toyang'anizana. Timatumizirana mauthenga pa mafunde a 5 GHz, ndipo kalikonse kamalandira magetsi kudzera mu waya womwewo wa netiweki, kuchokera m'kabokosi kolembedwa PoE. Mmisiriyu anamangirira tonse tiwiri mu Seputembala, ndipo tsiku lomwelo aphunzitsi anatsegula masamba a intaneti ali mu ofesi.

Mvula itayamba, zinthu zinasokonekera. Intaneti inkabwera, n'kupita, n'kubweranso. Aphunzitsi ankaloza chala kampani ya mafoni, a kuchipatala ankati kwawo zonse zili bwino, ndipo mmisiriyu ankangozimitsa zipangizo n'kuziyatsanso. Anasinthanso rauta, koma sizinathandize.

Zinayamba kulongosoka atasiya kulota n'kuyamba kuyeza njira yonse chigawo ndi chigawo. Chida chake chinali lamulo la `ping`, lomwe limatumiza kauthenga ku chipangizo china n'kudikira yankho. Ankayamba ndi kawailesi ka pasukulu, kenako ka kuchipatala, kenako rauta, pomaliza intaneti yeniyeniyo:

```
ping 192.168.1.20
ping 192.168.1.21
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Pamene mayankho ayambira kusowa, vuto limakhala pakati pa chipangizo chimenecho ndi chomwe chayankha komaliza. Kawailesi ka pasukulu kankayankha, koma ka kuchipatala kankangobweza `Request timed out` pafupipafupi. Apa zinaonekeratu kuti kampani ya mafoni inalibe mlandu. Vuto linali m'malere, pakati pa timbale tiwirito.

Atatsegula tsamba la kawailesiko, anaona mphamvu ya mafunde ili pa -81 dBm, pomwe tsiku lomangirira inali pa -63 dBm. Manambalawa amasokoneza chifukwa cha kamzere ka kutsogoloko: -63 ndi mphamvu yochuluka kuposa -81. Ndipo kusiyana kwake si kwamasewera, poti kutsika kulikonse kwa 3 dB kumatanthauza kuti mphamvu yatsala theka. Apa inali itachepa maulendo oposa 60.

Chinaidya n'chiyani? Pakatikati pa njirayo pali manda, ndipo mitengo ya pamandapo, yomwe inali itayoyola masamba m'chilimwe, tsopano inali itaphuka. Mmisiriyu ataima padenga ankalionabe denga la chipatala pamwamba pa nsonga za mitengoyo, n'chifukwa chake poyamba sanaikayikire. Koma mafunde a wailesi sayenda ngati ulusi wokokedwa. Amafuna mpata kuzungulira mzere wowongokawo, ndipo mpatawo umakula kwambiri pakati pa ulendo. Akatswiri anaupatsa dzina la Fresnel, wasayansi wa ku France. Pa mtunda wa makilomita atatu ndi mafunde a 5 GHz, mpatawo umafika pafupifupi mamita 6.7 kuchokera pamzerewo kupita pansi, ndipo lamulo la amisiri ndi lakuti magawo 60 pa 100 alionse a mpatawo akhale opanda chotchinga. Ndiye kuti nsonga za mitengo zimayenera kutsalira mamita anayi pansi pa mzere. Izi zinali zitatsala pang'ono kuukhudza, ndipo masamba onyowa amameza mafunde oterewa kwambiri.

Mitengo ya pamanda sadula wamba, ndipo mmisiriyu sanavutike n'komwe kukapempha zimenezo kwa amfumu. Anachotsa kambale padenga la ofesi n'kukakamangirira pamwamba pa nsanja ya thanki ya madzi, cha kumapeto kwa mpanda wa sukulu. Pamenepo n'pokwera, komanso mzere unadutsa m'mbali mwa manda. Mnzake ali kuchipatala, akulankhulana pa foni, anatembenuza timbaleto pang'onopang'ono mpaka nambala inakhazikika pa -61 dBm.

Chimwemwe sichinakhalitse. Tsopano intaneti inkaduka nthawi imene ana adzaza m'chipinda cha makompyuta, n'kubwerera yokha patapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Ulendo uno `ping` inasonyeza kuti kawailesi ka pasukulu komweko ndiko kankasowa. Patsamba lake, pamzere wa `Uptime`, womwe umanena nthawi imene chipangizo chakhala chiyakire, pankangooneka mphindi zochepa. Kankazima n'kudziyatsanso.

Gwero lake linali waya. Kuti akafike kuthanki, mmisiriyu anagula waya wotchipa wa mamita 85. Waya wa netiweki amaloledwa kufika mamita 100, koma malirewo ndi a waya wa kopa weniweni. Atapala kachingwe kamodzi ndi mpeni, mtundu wofiirira unachoka, mkati munatuluka moyera: anali aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Aluminiyamu sadutsitsa magetsi bwino ngati kopa, choncho mavoti 24 ochoka m'kabokosi ankafika kumapeto ataperewera. Anthu akachuluka, kawailesi kankakoka magetsi ambiri, mavoti n'kutsikiratu, iko n'kuzima. Sukulu inagula waya wa kopa wopangidwira panja, ndipo anamudutsitsa mu paipi pansi pa nthaka kuti dzuwa ndi makoswe zisamuwononge.

Vuto lomaliza ndi limene linamuzunguza mutu kwambiri, chifukwa makompyuta awiri oyandikana ankatha kusiyana: ina ikutsegula masamba, inzake ayi. Atalemba `ipconfig` pa yokanikayo, anaona adilesi yoyamba ndi 192.168.0, pomwe yogwira ntchito inali ndi 192.168.1. Pa netiweki imodzi pamayenera kukhala chipangizo chimodzi chokha chogawa maadilesi, ntchito yotchedwa DHCP. Mphunzitsi wina, pofuna kuti intaneti izifika m'chipinda cha aphunzitsi, anali atalumikiza rauta yakale yomwe inali mukabati, ndipo nayo inkagawa maadilesi ake. Kompyuta ikayatsidwa imapempha adilesi, ndipo kawirikawiri imatenga ya amene wayankha msanga. Imene yalandira kwa rauta yakaleyo inkalozeredwa khomo losatulukira kulikonse. Mmisiriyu sanaichotse rautayo. Anangozimitsa DHCP yake, n'kuisiya kuti izingomwaza intaneti m'chipindamo.

Chinatsala ndi kagawidwe. Madzulo ena a kuchipatala anadandaula kuti akulephera kutumiza malipoti awo a pamwezi ku DHIS2, pomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero, chifukwa makompyuta a kusukulu ankadzikokera okha mapulogalamu atsopano a Windows. Liwiro lonse linkazungulira pa 10 Mbps. Mmisiriyu anaika malire a 6 Mbps pa kawailesi kopita kusukulu kuti chipatala chizitsala ndi gawo lake, ndipo pa kompyuta iliyonse anatsegula `Metered connection`, zomwe zimachepetsa kukoka kosapemphako.

Lero pakhoma la chipinda cha makompyuta pamatidwa pepala lokhala ndi maadilesi anayi aja motsatana, nambala ya -61 dBm, ndi chenjezo loletsa kulumikiza rauta ina iliyonse osauza mmisiri. Intaneti ikaduka iye kulibe, mphunzitsi amene alipo amayesa mizere inayiyo n'kumuuza pa foni mzere umene wakana kuyankha.