Kuimitsa Pulogalamu Panjira Kuti Nambala Yolakwika Ipezeke Gwero Lake

Pulogalamu ya pakompyuta imasunga manambala ndi mawu m'timalo tokhala ndi mayina, totchedwa mavaliyebulo. Nthawi zina valiyebulo imapezeka ndi nambala yolakwika, koma pulogalamu osadandaula chilichonse: imayenda mpaka kumapeto n'kupereka yankho labodza. Vuto lotere ndi loopsa kuposa loti pulogalamu yangoima, chifukwa munthu akhoza kulikhulupirira yankholo.

Chida chofufuzira vutoli ndi dibaga, pulogalamu yoyendetsa pulogalamu inzake pang'onopang'ono. Wofufuza amaika chizindikiro pamzere umene akufuna, chotchedwa bulekipointi. Pulogalamu ikafika pamenepo imaima kaye, zonse zili m'malo mwake, ndipo munthu amatha kusuzumira mu valiyebulo iliyonse.

Nachi chitsanzo m'chinenero cha Python. Pulogalamu iyi imawonkhetsa ndalama za malonda a m'sitolo, ndipo wogula zinthu 10 kapena kuposerapo amamuchotsera 10 peresenti.

```python
def werengera(malonda):
    zonse = 0
    for mtengo, angati in malonda:
        ndalama = mtengo * angati
        if angati >= 10:
            zonse = ndalama * 0.9
        else:
            zonse += ndalama
    return zonse
```

Tinene kuti kwagulitsidwa zinthu 3 za 2000 chilichonse, zinthu 10 za 500, ndi zinthu 2 za 1500. Kuwerengera pamanja kukupereka 6000, 4500 ndi 3000, zonse pamodzi 13500. Pulogalamu ikuti 7500.0. Kuwerengera pamanjaku sikoyenera kukudumpha, pakuti amene sadziwa nambala yoyenera sangaizindikire yolakwika ngakhale itamuonekera pamaso.

Python ili ndi dibaga yakeyake, `pdb`. Ngati fayilo ndi `sitolo.py`, ndipo m'munsi mwake muli mzere woitana `werengera`, wofufuza amayamba ndi `python -m pdb sitolo.py`. Funso loyamba ndi loti chizindikiro chiikidwe pati. Pamzere 9 m'mbuyo mwa alendo, nambala yawonongeka kale. Malo abwino ndi mzere 4, umene pulogalamu imadutsapo pa malonda aliwonse. Lamulo `b 4` limaika chizindikiro, `c` amayendetsa pulogalamu mpaka itachipeza, ndipo `p zonse` amaonetsa zimene zili mu valiyebuloyo.

Ikaima koyamba, `zonse` ndi 0, monga ziyenera kukhalira. Kachiwiri ndi 6000, zilinso bwino. Kachitatu payenera kukhala 10500, koma pali 4500.0. Apa ndiye pagona luso lonse la ntchitoyi: kupeza malo omaliza pamene nambala inali yolondola ndi malo oyamba pamene yasokonekera. Cholakwika chili pakati pa malo awiriwo, ndipo pano ndi pa malonda achiwiri.

Malonda akanakhala 5000, kulemba `c` mobwerezabwereza kukanatopetsa. N'chifukwa chake chizindikiro chimatha kupatsidwa lamulo loti chiimitse pulogalamu pokhapokha zinthu zikafika pakutipakuti. Malonda achiwiri amasiyana ndi enawo chifukwa ndi okhawo amene afika zinthu 10, choncho wofufuza amachotsa chizindikiro choyamba, n'kuika china, n'kuyambiranso:

```
cl 1
b 5, angati >= 10
run
c
```

Kuchokera apa amayenda mzere umodziumodzi ndi lamulo `n`. Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ophunzira ambiri. Muvi wa `->` umaloza mzere umene sunachitidwe, osati umene wangochitika kumene. Muviwo ukakhala pamzere 6, `p zonse` amaonetsabe 6000, ndipo wopupuluma akhoza kuganiza kuti mzerewo ulibe mlandu. Akalembanso `n` n'kufunsa kachiwiri, nambala yasanduka 4500.0. Mzere 6 uli ndi `=`, chimene chimataya nambala yakale n'kuikapo yatsopano, pomwe pamafunika `+=`, chimene chimawonjezera pa yakaleyo. Ndalama 6000 zija zinafufutika pamenepo. Akakonza, yankho limakhala 13500.0.

Si nthawi zonse pamene vuto limabadwira pomwe laonekera. Mwina `malonda` anafika ali olakwika kale kuchokera ku gawo lina la pulogalamu. Zikatero lamulo `w` limaonetsa mndandanda wa magawo amene anaitanizana mpaka kufika pamenepo, ndipo chizindikiro chimasunthidwira kumbuyo. Ngatinso mzere wokayikitsa ukuitana gawo lina, `n` amalichita lonse osalowamo, pamene `s` amalowa mkati mwake.

Mu Visual Studio Code njira ndi yomweyi, kungoti malamulo ali pamabatani: F9 amaika kadontho kofiira pambali pa mzere, F10 amagwira ntchito ya `n`, ndipo F11 ya `s`.