Chiwongoladzanja Chikalumpha, Mtengo wa Bondi Suyenda Mowongoka

M'chaka cha 2022, chiwongoladzanja cha mabondi a zaka 10 a boma la Amereka chinachoka pa 1.5 peresenti n'kufika pafupifupi pa 3.9 peresenti. Mabondi akale anagwa mtengo, chifukwa ogula sankafunanso chikalata cha ngongole chobweza phindu lochepa pamene zatsopano zinkabweza lambiri.

Poyerekeza kagwedwe kotere, akatswiri amayamba ndi nambala yotchedwa dyuresheni. Bondi ya dyuresheni 15 imataya pafupifupi 15 peresenti ya mtengo wake chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti. Muyezowu umaganiza kuti mtengo umatsika molingana mpaka pansi, koma zoona zake n'zakuti kutsikako kumanka kucheperachepera. Kupindika kumeneku ndiko kumatchedwa konivekisite, ndipo amakuwerengera motere:

```
ΔP/P ≈ −D×Δy + ½×C×(Δy)²
```

Tiyerekeze kuti bondi ija ili ndi konivekisite ya 300, ndipo chiwongoladzanja chakwera ndi 2 peresenti, kutanthauza 0.02. Dyuresheni payokha ikuti mtengo ugwa ndi 30 peresenti. Gawo lachiwiri, theka la 300 kuchulukitsa ndi 0.0004, likubweza 6 peresenti, choncho mtengo ugwa ndi 24 peresenti basi. Chiwongoladzanja chikanatsika ndi mlingo womwewo, mtengo ukanakwera ndi 36 peresenti.

Pa kusintha kwa 0.1 peresenti, gawoli limangokhala 0.015 peresenti, ndipo kulisiya sikuwononga kanthu. Limakula msanga chifukwa kusinthako kumachulukitsidwa ndi iko komwe.

Chenjezo lili pa mabondi amene wokongola amaloledwa kubweza nthawi isanakwane, monga omangidwa pa ngongole za nyumba ku Amereka. Chiwongoladzanja chikatsika, anthu amabweza ngongole msanga, konivekisite imatembenuka, ndipo gawo lija limachotsera mtengo m'malo mowonjezera.