Mawu a Pansi pa Chithunzi cha Phala

Mawu a pansi pa chithunzi mu lipoti la phala la kusukulu amauza opereka thandizo zimene maso sangaone: malo, nthawi ndi kukula kwa ntchito. Pa chithunzi cha ana atanyamula makapu, monga m'sukulu zimene bungwe la Mary's Meals lakhala likudyetsa m'Malawi kuyambira 2002, wolemba atchule boma, mwezi ndi chaka, komanso kuti akulandira phala la Likuni, la chimanga ndi soya, lophikidwa ndi makolo odzipereka. Kulemba kuti “ana akumwa phala” n'kungobwereza zoonekeratu.

Povuta ndi pa manambala. Chiwerengero cha m'kaundula si cha ana amene anadyadi, chifukwa ena amajomba. Choncho wolemba anene chimene anawerenga, kaundula kapena buku la kukhitchini. Ngati obwera kusukulu achuluka, alembe kuti achuluka chiyambireni phala, osati chifukwa cha phala, pokhapokha ngati anayerekeza ndi sukulu zopanda phala. Mwina makolo anakolola bwino chaka chimenecho.

Mwana asatchulidwe dzina lonse pamodzi ndi sukulu yake, ndipo makolo avomereze kaye. Kumutcha “wovutika” n'kumuchotsa ulemu. Iye ndi wophunzira wa Sitandade 3.