Mphindi imodzi ya mawu, mphindi khumi za ntchito

Ofufuza akabwera kuchokera kumudzi atajambula zokambirana, pamafunika munthu woti amvetsere ndi kulemba zonse zimene zayankhulidwa. Malipiro a ntchitoyi amawerengedwa pa mphindi za mawu ojambulidwawo, osati pa maola amene wolembayo wakhala pampando. Apa ndi pamene ambiri ongoyamba kumene amadzigwetsera m'mavuto.

Odziwa ntchitoyi amati ola limodzi la mawu omveka bwino, anthu awiri akucheza m'chipinda cha phee, limadya maola pafupifupi anayi kuti lilembedwe. Munthu amayankhula mothamanga kuposa mmene zala zingatayipire, ndiye wolemba amaimitsa, kubwezera m'mbuyo, kumveranso, kenako n'kuwerenga zonse pokonza zolakwika.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lapereka zokambirana za mphindi 90, ndipo agwirizana K1,000 pa mphindi. Ndalama yonse ndi K90,000. Wolemba akuwerengera kuti amaliza m'maola 6, kutanthauza K15,000 pa ola, ndipo wavomera asanamvere n'komwe. Potsegula akupeza kuti ndi amayi asanu ndi atatu a ku Mangochi, atakhala m'kalasi ya malata mvula ikugwa. Chojambulira chinaikidwa pafupi ndi wofunsa mafunso, moti iye akumveka bwino pamene oyankha akumvekera patali. Nkhani ikafika pokoma onse akuyankhulira pamodzi, mwana akulira kumsana, ndipo mayi wina akatenthedwa mtima akulumphira m'Chiyao. Ntchito ija yatenga maola 15. Malipiro atsikira pa K6,000 pa ola, ndipo kukadandaula pambuyo n'kovuta chifukwa mtengo anauvomera yekha.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta, kungoti imafuna kudekha. Asanatchule mtengo, wolemba apemphe kumva mawuwo, ndipo amvere poyamba, pakati ndi chakumapeto. Poyambira pamanyenga, poti apo wofunsa amakhala akudzifotokoza yekha anthu ali chete. Kenako asankhe mphindi zisanu zapakati, azilembe akuyang'ana wotchi. Zikamutengera mphindi 20, mawuwo ndi abwino ndipo mtengo wamasiku onse ukhoza kukhala. Zikamutengera mphindi 50, ndiye kuti mphindi iliyonse ikudya mphindi khumi za ntchito. Kuti apezebe K15,000 yake pa ola, ayenera kutchula K2,500 pa mphindi, yonse pamodzi K225,000. Mwini ntchito akhoza kudabwa, koma akamveretsedwa kachigawo kaja n'kuona masamuwo, pamakhala poyambira kukambirana.

Ayeneranso kumvana za mtundu wa kalembedwe. Ena amafuna chilichonse, kuseka, kudodoma ndi kubwereza mawu komwe, pamene ena amangofuna ziganizo zosalala. Kusonyeza amene akuyankhula pa mzere uliwonse ndi kuika nthawi pafupipafupi kumawonjezera maola. Ndipo ngati akufuna kuti zolembazo zikhale m'Chingerezi, imeneyo ndi ntchito yachiwiri, yomasulira, yokhala ndi mtengo wakewake.

Nanga pamene mawu sakumveka ndithu? Pulogalamu ngati Audacity imachepetsa phokoso losasintha, monga kulira kwa jenereta, koma anthu atatu oyankhulira pamodzi singawalekanitse. Wolemba wokhulupirika akamvera kangapo osamva, amaika chizindikiro ndi nthawi yake, mwachitsanzo [sizikumveka 23:14], kuti wofufuza amene analipo akamvere yekha. Kulota n'koopsa. Mayi akanena kuti "sindinapite kusikelo", phokoso n'kumeza kachiyambi ka "si", wolemba wongoganizira alemba kuti anapita, ndipo lipoti la zaumoyo lidzanena zosemphana ndi zimene mayiyo ananena. Za Chiyao zija nazo, ngati sachidziwa, asonyeze poyambira ndi pothera kuti apeze wochidziwa.

Kwa omasulira zolembedwa, mtengo umakhala pa liwu lililonse, ndipo funso loyamba ndi lakuti akuwerenga mawu a mbali iti. Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi: "sindidzakuuzaninso" ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi pamafunika mawu asanu ndi limodzi. Choncho womasulira kuchoka m'Chichewa amene akulipidwa pa mawu a chikalata choyambirira amalandira zochepa poyerekeza ndi zimene walemba, pokhapokha atakweza mtengo wa liwu. Ubwino wowerenga mawu a chikalata choyambirira ndi wakuti mtengo umadziwika ntchito isanayambe. Koma chikalata chikakhala cholemba pamanja, kapena chithunzi chosaoneka bwino chimene kompyuta singawerenge mawu ake, omasulira ambiri amatchula mtengo wa tsamba kapena wa ola, ndipo amayamba afunsa mwini wake za mayina ndi manambala osawerengeka asanamasulire mzere woyamba.