Bwana anatumiza uthenga, antchito sanaumve: kuyankha funso la kulumikizana pa ntchito

Pa mayeso a maphunziro a kayendetsedwe ka mabungwe ndi makampani, funso la kulumikizana pa ntchito limakonda kubwera ngati kankhani. Wophunzira amauzidwa zomwe zinachitika pa kampani ina, kenako amafunsidwa kuti atchule zomwe zinalepheretsa anthu kumvana ndi kusankha njira yabwino yoperekera uthengawo. Ambiri amataya malikisi pamenepa ngakhale anawerenga, chifukwa amangokhuthula mndandanda womwe analoweza: phokoso, chiyankhulo, mtunda, kusiyana chikhalidwe. Wochonga amafuna kuona ngati mwapeza vuto lomwe lili m'nkhani imene wakupatsaniyo.

Tiyerekeze funso lotere. Fakitale yopanga sopo ili ndi antchito 120 m'mashifiti awiri. Bwana wasintha kawerengedwe ka ndalama za ovataimu, ndipo Lachisanu madzulo watumiza imelo ya m'Chingerezi kwa makapitawo anayi kuti akauze anthu awo. Lolemba antchito anyanyala ntchito, akuti malipiro adulidwa.

Poyankha, tsatirani uthengawo kuchokera pomwe unanyamukira. Claude Shannon ndi Warren Weaver, m'buku lawo la mu 1949, anafotokoza kuti uthenga umachoka kwa wotumiza, umadutsa m'njira ina yake, n'kufika kwa wolandira, ndipo chilichonse chousokoneza pakatipo anachitcha phokoso. Ndiye funsani kuti uthenga wa bwanayu unakhotera pati. Poyamba penipeni ndi pa chiyankhulo: mawu a za malipiro ndi ovuta kale, ndiye alembedwenso m'Chingerezi cha mu ofesi. Kachiwiri, uthenga unadutsa pakamwa pa anthu anayi. Kapitawo amakhala ndi anthu ake tsiku lonse, motero nkhani yowawa amaifewetsa kapena kudumpha mbali ina, ndipo aliyense mwa anayiwo anaifotokoza mwa njira yakeyake. Umboni wake uli m'funso momwemo: bwana ananena za ovataimu, antchito anamva za malipiro onse.

Vuto lalikulu kwa ine ndi lachitatu, lomwe ophunzira amalidumpha kawirikawiri. Panalibe mpata wofunsa. Imelo inapita Lachisanu madzulo, maofesi akutsekedwa, ndipo munthu amene ali ndi nkhawa ya lendi ndi fizi ya ana sangadikire Lolemba. Amafunsa mnzake, mnzakeyo n'kuonjezera zake, mphekesera n'kukula Loweruka ndi Lamulungu lonse.

Posankha njira, maganizo a Richard Daft ndi Robert Lengel a mu 1986 amathandiza kwambiri. Iwo anati njira zoperekera uthenga zimasiyana mphamvu potengera zinthu zinayi: ngati yankho limabwera pompopompo, ngati nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimathandizira, ngati munthu angayankhule momasuka m'mawu a tsiku ndi tsiku, komanso ngati uthenga ungakonzedwe molingana ndi amene akumvayo. Kukumana maso ndi maso kuli pamwamba, foni pakati, chidziwitso chopachika pa bolodi pansi. Uthenga umene anthu angaumve mosiyanasiyana umafuna njira yamphamvu, pomwe uthenga wachidziwikire, monga wakuti madzi asiya mawa, pepala la pa bolodi limaukwanira. Kuimitsa makina chifukwa cha nkhani ya madzi n'kuwononga nthawi, ndipo wophunzira wolemba kuti msonkhano ndi wabwino nthawi zonse amalakwitsanso.

Nkhani ya ovataimu imakhudza thumba, choncho yankho labwino ndi lakuti bwana mwiniwake akumane ndi shifiti iliyonse payokha, kumayambiriro kwa sabata, ayankhule m'chiyankhulo chomwe antchito amamva, ali limodzi ndi wa za malipiro komanso oimira antchito. Musaiwale kutchula kuipa kwa njira yomwe mwasankha, pakuti apa pali malikisi. Msonkhano umaimitsa ntchito, anthu amantha sakweza dzanja bwana ali pomwepo, ndipo zoyankhulidwa sizisiya umboni. N'chifukwa chake pambuyo pake pafunika kalata yachidule kwa wantchito aliyense, yokhala ndi tsiku loyambira ndi chitsanzo cha masamu ake.

Malizani yankho lanu ndi momwe bwana angadziwire kuti uthenga wafikadi. Akafunsa kuti "Mwamva?" onse adzavomera mwaulemu, ngakhale amene sanatolepo kanthu. M'malo mwake apemphe antchito angapo kuti awerengere okha zomwe angalandire atagwira maola 10 a ovataimu. Mayankho akasiyana, afotokozenso anthu asanabwerere ku makina.