Musanatsegule okala, yambani mwawerenga zitseko

Cha m'ma 6 koloko m'mawa ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre, pawindo la okala pamakhala pataima kale ana. Wina wagwira ndalama ya shuga woyeza, wina watumidwa masikono anayi, winanso akufuna mafuta ophikira a m'kachubu ndi bokosi la machesi. Munthu wodutsa akaona kamzere kameneka mtima umamuuza kuti apa pali ndalama. Ambiri amathamangira ku banki m'khonde kukatenga mpamba, kukhoma mashelefu, kukapikula katundu ku Limbe, ndipo pakangotha miyezi ingapo mashelefu aja amayamba kuoneka matabwa okhaokha.

Nthawi zambiri chimene chimasowa ndi yankho la funso limene likanafunsidwa msomali woyamba usanakhomedwe: kodi ogula alipo angati, ndipo amagula zochuluka bwanji?

Pali njira ziwiri zoyankhira funsoli. Yoyamba imayambira kumwamba. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndiye munthu amati: "Ndikangopeza mmodzi pa anthu 100 alionse, ndili ndi makasitomala 8,000." Masamuwo ndi olondola, koma alibe ntchito. Wa ku Chilomoni sangakwere minibasi ziwiri kudzagula mchere ku Bangwe. Okala amadya ndalama za anthu amene angafikepo wapansi, makamaka pamtunda umene mayi angatume mwana uku madzi a tiyi ali pamoto.

Njira yachiwiri imayambira pansi, pakhomo limodzi, n'kumakwera. Imeneyi ndiyo yoyenera bizinesi yaing'ono ya m'dera, ndipo sifuna china koposa kope, cholembera ndi miyendo.

Tiyerekeze za mayi wina wa ku Bangwe amene wapeza kachipinda ka lendi m'mbali mwa njira yopita kuchigayo. Manambala a m'chitsanzochi ndi ongoyerekezera, chifukwa mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, koma kachitidwe kake ndi kamene aliyense angatsatire.

Choyamba mayiyu akudula malire. Akuyenda mphindi zisanu kuchoka pa kachipindako kulowera mbali zonse zinayi, n'kumalemba pamene wafika. Malirewo sakhala ozungulira bwino ngati lichero. Kumtunda kuli msewu wa phula, ndipo palibe kholo limene lingalole mwana kuwoloka pakati pa maminibasi chifukwa cha sopo. Kumunsi kuli khwawa limene limadzaza nthawi ya mvula. Chakumsika nako, amene ali pafupi ndi msika amagula kumsikako. Nyumba za kuseri kwa zotchinga zoterezi, ngakhale zikuoneka ndi maso, sizilowa m'kope.

Kenako akuwerenga mabanja. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amawerenga madenga kapena mapuloti. M'matauni athu puloti imodzi imakhala ndi nyumba ya eni ake kutsogolo ndi mdadada wa alendi kuseri, khomo lililonse mbaula yakeyake. Wogula ndi banja limene limaphika palokha, choncho chowerenga ndi zitseko. Mayiyu wapeza mapuloti 40 ndi zitseko 240. Kalembera yemwe uja anapeza kuti banja la ku Malawi limakhala ndi anthu 4.4 tikatengera pakatikati, kutanthauza kuti m'deramu muli anthu oposa 1,000 pang'ono. Nambala imeneyi imathandiza kuona ngati kuwerengako kuli kwanzeru, koma masamu onse otsatira akuyendera mabanja.

Si mabanja onse 240 amene amadalira okala. M'mipanda ya njerwa muja muli anthu a pantchito amene mwezi ukatha amakagula shuga wa mapaketi ndi mafuta a m'chigubu m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Pa okala amangobwera magetsi akazima, kudzafuna kandulo. Mayiyu wawerenga mabanja otere 60 ndipo wawachotsa. Atsala 180, amene amagula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku malinga ndi zimene apeza pa ganyu kapena pa geni.

Tsopano pakubwera gawo lofuna luso: banja limodzi limasiya ndalama zingati pa okala patsiku? Kufunsa kuti "Ndikatsegula okala muzidzagula?" n'kutaya nthawi. Anthu athu ndi aulemu, aliyense ayankha kuti, "Tizidzagula, amayi, tsegulani." Funso lothandiza limaloza zimene zachitika kale: "Dzulo munagula chiyani pa okala?" Pamenepo munthu amakumbukira zenizeni, kuti m'mawa anagula shuga ndi masikono, masana mafuta, madzulo mazira awiri. Mayiyu wacheza ndi mabanja 20, ena pakiyosiki ya madzi, ena pachigayo, osati anzake a kutchalitchi okha, ndipo wasamala kuti afunse ena pakati pa mwezi, ena kumapeto. Ndalama ya ndiwo zamasamba, usipa ndi makala waichotsa, poti izo zimagulidwa pamabenchi ndi kumsika, osati kwa iye. Chatsala ndi pafupifupi K2,000 pa banja patsiku.

Mabanja 180 kuchulukitsa ndi K2,000 zikupereka K360,000 patsiku, kapena K10,800,000 pa mwezi wa masiku 30. Umenewu ndiwo msika wonse wa deralo.

Nambala yotere imasangalatsa, ndipo apa ndi pamene munthu ayenera kudzigwira mtima. Ndalamayi ili kale ndi eni ake. M'malire aja muli maokala atatu, ndipo mayiyu akhala wachinayi. Kutsegula okala watsopano sikuchititsa anthu kumwa tiyi kawiri. Kumangogawa ogula omwe aja. Atagawana mofanana, aliyense angakhale ndi mabanja 45. Koma wobwera kumene sayamba ndi gawo lofanana ndi anzake. Mabanja ambiri ali ndi tsamba lawo m'kope la ngongole kwa mwini okala wakale, ndipo sangamuthawe poti ndi amene amawapatsa ufa ndalama zikavuta. Mayiyu wayenda khomo ndi khomo m'maganizo mwake n'kulemba okhawo amene kwa iye kuli pafupi kuposa kwa ena onse. Apezeka mabanja 30.

Mabanja 30 pa K2,000 ndi K60,000 patsiku, K1,800,000 pa mwezi. Imeneyi ndi ndalama yolowa m'kabati, si phindu. Katundu wa pa okala phindu lake ndi lochepa, makamaka shuga ndi buledi zimene mtengo wake aliyense amaudziwa. Tinene kuti chimene wapikula pa K900 akugulitsa K1,000. Ndiye kuti pa mwezi patsala K180,000. Pamenepa achotsepo lendi K60,000, thiransipoti yokapikulira katundu K40,000, magetsi ndi chiphaso cha kukhonsolo K20,000, ndiponso K20,000 ya mazira osweka, buledi wogona ndi ngongole zosabwezedwa. Zonse pamodzi ndi K140,000. Chotsala m'manja mwake, pa ntchito yodzuka m'bandakucha ndi kutseka usiku mwezi wathunthu, ndi K40,000.

Kuchokera m'masamu omwewa mukutuluka nambala ina yofunika kuposa zonse. Banja limodzi likumubweretsera phindu la K6,000 pa mwezi. Kuti alipire K140,000 ija akufunika mabanja 24. Ndiye kuti pa mabanja 30 aja, oyamba 24 akungogwirira ntchito lendi ndi zolipira zina. Alendi a mdadada umodzi atasamuka, kapena wina atatsegula benchi pafupi ndi chigayo, mayiyu wayamba kudya mpamba. Koma atafika pa mabanja 45, chotsala chikukwera kufika K130,000. Tsopano akudziwa chimene akumenyera nkhondo: mabanja ena 15, ndipo akudziwa zitseko zake.

Masamu a pakhomo amafunika mboni, chifukwa anthu amaiwala ndipo ena amakuza zimene amagula poopa kuoneka osauka. Mboni yake ndi maokala amene alipo kale. Ngati mabanja 180 amagawanika pa maokala atatu, aliyense ayenera kuti amagulitsa pafupifupi K120,000 patsiku. Mayiyu angakhale chapatali, pakhonde la mnzake, n'kuwerenga ofika pawindo la mmodzi wa iwo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku lina pakati pa sabata, lina Loweruka. Akaona anthu 150 aliyense akusiya pafupifupi K800, manambala agwirizana. Koma akaona anthu 70 okha, ndiye kuti pakulowa K56,000 basi, osakwana theka la zimene amayembekezera, ndipo penapake palakwika: mwina malire anawakuza, mwina anthu amagula kumsika kuposa mmene ananenera. Zikasiyana chonchi, nambala yokhulupirira ndi yaing'onoyo. Galimoto ya buledi nayo imanena zoona. Kuwerenga malofu amene amatsitsidwa m'mawa ndi amene amatsala madzulo kumaonetsa kukula kwa malonda popanda kufunsa munthu.

Njirayi ili ndi malire ake. Imajambula deralo mmene lilili pa sabata imene munthu wawerenga. Wowerenga mu Meyi kapena Juni, anthu atakolola ndipo ndalama ikuyenda, adzadabwa mu Januwale ndi Febuluwale pamene chimanga chakwera mtengo, fizi ya ana yadya ndalama, ndipo banja lomwe lija likugula theka la zimene linkagula. Ndi bwino kulemba manambala awiri, ya nthawi yabwino ndi ya nthawi ya njala, n'kuona ngati lendi ingalipidwe pa yachiwiriyo.

Ndalama ya kwacha nayo simakhazikika. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu inakwera motsatira. Aliyense amene analemba msika wake m'makwacha okha anatsala ndi pepala lopanda ntchito. N'chifukwa chake kope labwino limalembanso katundu weniweni: mapaketi a shuga angati pa sabata, malita a mafuta angati, mathileyi a mazira angati. Mitengo ikasintha, munthu amangochulukitsanso, ndipo mndandanda womwewo umamuuza kuchuluka kwa katundu woti apikule ulendo woyamba, kuti mpamba usagone pashelefu m'zinthu zimene deralo siligula.

Mayi wa m'chitsanzo chathu ali ndi zosankha zitatu zooneka bwino: kukambirana ndi eni nyumba kuti lendi itsike, kufuna malo ena kumene zitseko zili zambiri ndipo maokala ndi ochepa, kapena kuwonjezera chinthu chimene atatu enawo alibe, monga kutumiza ndi kutapa ndalama za pafoni, chimene chingakoke ngakhale a m'mipanda aja. Chilichonse mwa izi angachiyese papepala asanatulutse tambala.

Ntchito yonseyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri ndi kope limodzi la sukulu. Inu amene mukuganiza zotenga ngongole ku banki m'khonde mwezi uno kuti mutsegule okala, yambani mwayenda mphindi zisanu zija, muwerenge zitseko, ndipo mudziwe kuti mukufunika mabanja angati kuti lendi ilipidwe.